Masamba atatu asanduka tebulo limodzi

Mu lipoti la kafukufuku, gawo la zotsatira limatopetsa likalembedwa ziganizo zokhazokha. Tinene kuti wophunzira zaulimi wayesa mitundu itatu ya chimanga m'minda inayi. Ali ndi manambala a zokolola 12, ndipo iliyonse waipatsa chiganizo chake. Wowerenga akafika pa yachisanu, yoyamba wayiiwala kale.

Manambala onsewa akwana m'tebulo limodzi: mitundu ya chimanga motsika, minda mopingasa. Muyeso, monga makilogalamu pa hekitala, ulembedwe kamodzi kokha pamutu pa tebulo.

Girafu ili ndi ntchito ina. Imaonetsa kukwera ndi kutsika, monga kakulidwe ka mbewu sabata ndi sabata. Zimene zalowa m'tebulo zisajambulidwenso pagirafu. Wolemba asankhe chimodzi.

Mawu otsala ndi ochepa: "Mtundu wachiwiri unaposa inzake m'minda itatu (Tebulo 1)." Akatero, wolembayo awerengenso ndime yonse chala chili patebulo. Chiganizo chongobwereza nambala achichotse, asiye chokhacho chonena chimene manambalawo akuonetsa. Zifukwa zake zidikire gawo lokambirana zotsatira.