Wopala moto saodira kanayi

Ku Chinsapo, kumene nyumba za lendi zimayang'anana makomo, mwana akatumidwa kukapala moto amatenga chidutswa cha lata, n'kukaima pakhomo pa aneba. "Odi kuno!" Mkati akayankha kuti "Odini," iye amanena chomwe wadzera: amayi akuti mutigawireko moto. Mayi wa m'nyumbamo amatokosa mbaula, n'kumuikira makala awiri oyaka, basi nkhani yatha. Tsono taganizani mwana woti amuyankha kale koma akungoodirabe, kachiwiri, kachitatu, kachinayi, lata ali nalo kumbuyo. Mayi uja nsima ili pamoto, mthiko uli m'manja. Adzatuluka mtima uli m'mwamba, poganiza kuti kwagwa zovuta.

Mwana ameneyu ndinamukumbukira pamene mwana wa achemwali anga, wa ku Area 23, anandionetsa uthenga umene anatumiza pa WhatsApp kwa mayi womuyang'anira pantchito. Ndi mmodzi mwa achinyamata omaliza maphunziro a ukachenjede amene boma, kuyambira m'chaka cha 2018, lakhala likuwatumiza m'maofesi kuti akaphunzire ntchito. Analemba motere: "Pepani kwambiri madamu pokuvutitsani. Ndikudziwa ndinu otanganidwa, pepani. Mwina funso langa ndi lopusa, mundikhululukire, koma pali zina sizikundimvekera pa lipoti lija. Ngati mulibe nthawi musavutike. Pepaninso."

Kupepesa kanayi, funso palibe. Yankho linabwera madzulo, lalifupi: "Chachitika n'chiyani?"

Madamuwo sanalakwe kufunsa choncho. Kwathu kuno mawu oti pepani ndi olemera. Timawanena pamaliro, timawanena kwa wodwala, timawanena tikaswa mbale ya eni. Munthu akawaona ataunjikana pamwamba pa uthenga, amayamba waganiza kuti ndalama zasowa kapena fayilo yatayika. Ndiye pali aja oti "ngati mulibe nthawi musavutike", omwe mtsikanayu ankawayesa ulemu. Amenewo ali ngati mwana wonena kuti ngati moto mulibe ndibwerera, eni ake asanayang'ane n'komwe pa mbaula. Munthu wotanganidwa ukamupatsa chilolezo choti asakuyankhe, amachilandira. Koma choopsa kwambiri ndi "lipoti lija". Liti? Madamu amaona malipoti ambiri pa sabata.

Tinakhala pakhonde n'kuyamba kukonza. Pa pepani aliyense ndinkamufunsa funso limodzi: apa walakwa chiyani? Kufunsa si kulakwa, chifukwa anamutumiza kumeneko kuti akaphunzire, ndipo kumuyankha ndi mbali ya ntchito ya womuyang'anira. Onse anayi anagwa. M'malo mwake tinaikamo zimene madamu amafuna kuti ayankhe foni ili m'manja: ntchito yake ndi iti, chavuta n'chiyani, wayesapo chiyani, ndipo yankho likufunika liti.

"Mwadzuka bwanji madamu. Ndikulemba lipoti la mafuta a galimoto la mwezi wa Malichi. Malisiti akundipatsa K412,000 pomwe buku la adalaivala likuonetsa K447,000, kusiyana kwake K35,000. Ndawonkhetsa kawiri, ndipo ndapeza kuti pa 14 Malichi m'bukumo mwalembedwa K35,000 koma lisiti lake palibe. Kodi ndilembe motsatira malisiti n'kuikapo ndemanga, kapena ndiyambe ndafunsa adalaivala? Lipotili likufunika Lachisanu. Zikomo."

Iye atawerenga anakwinya nkhope. "Amalume, sanena kuti ndine wamwano?" Ndinamuuza kuti awerengenso, aone ngati ulemu wachokamo. Moni ulipo, ndiye odi wake. "Madamu" alipo, ngakhale dalaivala wapatsidwa "a" wake, ndipo zikomo watseka. Ulemu wa Chichewa umakhala m'zimenezi. Chimene chachoka ndi kudzinyoza, komwe kumamupatsa wamkulu ntchito ina yoyamba wakutonthoza kuti ayi, funso lako si lopusa, asanafike pa mafuta.

Mzere umene ndimaukonda ndi uja wa "ndilembe motere kapena motere". Ndilo lata limene wabweretsa. Wopala moto akabwera chimanjamanja, mwini nyumba amayamba wasakasaka chotengera. Apa madamu akhoza kungoyankha kuti "funsa adalaivala" ali m'minibasi ya ku Area 25, osatsegula n'komwe fayilo.

Pepani ali ndi malo ake, sindikumuthamangitsa. Lisiti lija likanakhala kuti walitaya ndi iyeyo, akanayenera kupepesa kamodzi, motchula cholakwacho: "Pepani madamu, lisiti la pa 14 Malichi ndalitaya ndine, mawa ndikapempha lina kumene tinathira mafuta." Chimodzimodzinso akalemba usiku kapena Lamulungu, anthu ali kutchalitchi: pamenepo wagogoda nthawi yolakwika, ndipo "pepani polemba nthawi ino" n'ngoyenera.

Uthenga watsopanowo anautumiza m'mawa mwake, ali pa siteji kudikira minibasi. Asanafike m'tauni yankho linali litalowa: "Afunse adalaivala, lisitilo mwina lili m'galimoto."