Kuchotsa Mawu Omatirira M'munsi mwa Kanema

Mawu omasulira omwe amaoneka m'munsi mwa kanema ali m'mitundu iwiri. Ena amasungidwa paokha, mwina m'fayilo ya SRT kapena m'kati mwa fayilo ya MKV, ndipo woonera akhoza kuwazimitsa. Ena ndi omatirira. Pokonza kanemayo analembedwa pachithunzi penipeni, moti timadontho ta chithunzi, totchedwa mapikiselo, tomwe tinali pamalopo tinafufutika. Choyamba n'kudziwa mtundu wake: pulogalamu ya VLC ikalola kuzimitsa mawuwo, ndiye kuti ntchito yatha isanayambe. Akakana kuzima, ndi omatirira, ndipo pansi pake palibe chithunzi chobisala chomwe chingavundukulidwe. Chotsala ndi kudula, kuphimba, kapena kudzaza malowo mongoyerekeza.

Njira yoyenera imadalira pomwe mawuwo akhala. Mafilimu ambiri amajambulidwa motambalala kuposa wailesi yakanema, choncho amakhala ndi mizere yakuda pamwamba ndi pansi. Pa kanema wa mapikiselo 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi, chithunzi cha filimu yotere chimatenga mapikiselo pafupifupi 804, ndipo mzere wakuda uliwonse umatenga 138. Mawu akagwera mumzere wakudawo, kudula sikutayitsa kanthu. Pulogalamu yaulere ya FFmpeg imachita zimenezi ndi lamulo limodzi:

```
ffmpeg -i kanema.mp4 -vf "crop=1920:804:0:138" -crf 18 -c:a copy watsopano.mp4
```

Manambala awiri oyambawo ndi kukula kwa gawo losungidwa, ndipo awiri enawo akusonyeza pomwe gawolo likuyambira. Kukulako kukhale manambala ogawika ndi 2, apo ayi pulogalamuyo ikhoza kukana kapena kuchotsapo pikiselo imodzi. `-c:a copy` imasiya mawu omveka momwe analili, koma chithunzi chimapanikizidwanso mwatsopano, ndipo ulendo uliwonse chimaguga pang'ono. N'chifukwa chake ndi bwino kugwira ntchito yonse kamodzi, kuchokera pa fayilo yoyambirira.

Vuto limabwera mawu akakwera pachithunzi. Mizere iwiri ya mawu ikatenga mapikiselo 180, kudula kumataya gawo limodzi mwa magawo 6 a kanema yense, ngakhale pomwe palibe wolankhula. Manja a munthu, kalata yomwe wagwira, kapena chibwano chake pomwe wajambulidwa pafupi, zonse zimapita. Ndipo wodulayo akatambasula chotsalacho kuti chidzazenso sikirini, nkhope za anthu zimatalika moonekeratu.

Kuphimba n'kuika kabokosi kakuda pamwamba pa mawuwo, pogwiritsa ntchito `drawbox`. Sikokongola, koma kwa munthu wofuna kuika mawu a chilankhulo china ndi njira yabwino, chifukwa mawu atsopanowo amawerengeka bwino pakuda. Palinso `delogo`, yomwe imakoka mitundu ya m'mphepete n'kuipaka pakati. Inapangidwira kachizindikiro kakang'ono ka pakona, ndipo pa mzere wautali wa mawu imasiya chimkwasa ngati galasi lopakidwa mafuta.

Kudzaza ndiye kovuta. Poyamba pamapangidwa chigoba chosonyeza mapikiselo oyenera kuchotsedwa. Poti zilembo nthawi zambiri zimakhala zoyera kapena zachikasu, kompyuta imauzidwa kusankha zowala kwambiri m'chigawo cham'munsi chokha. Zikapanda kutero, malaya oyera ndi nyale nazonso zimafufutidwa. Chigobacho chimakulitsidwa ndi mapikiselo angapo kuti chimeze mkombero wakuda wozungulira zilembo, chifukwa mkomberowo ukatsala, mawu amawerengekabe ngati mthunzi. Kenaka lamulo monga `cv2.inpaint` la OpenCV, lomwe njira yake imodzi inafalitsidwa ndi Alexandru Telea mu 2004, limadzaza bowolo kuyambira m'mphepete kulowera m'kati. Pa khoma, madzi odekha kapena msewu wamdima zimatheka bwino. Pa udzu, nsalu yamaluwa kapena zala za munthu, pamatsala chibanthi.

Kanema amathamangitsa zithunzi 24 kapena 25 pa sekondi, kutanthauza zithunzi 1,440 kapena 1,500 pa mphindi imodzi. Chithunzi chilichonse chikadzazidwa pachokha, zodzazazo zimasiyana pang'ono, ndipo malowo amanyanyuka kanema akamayenda, ngakhale pa chithunzi choimitsidwa pamaoneka bwino. Zida zatsopano, monga Content-Aware Fill ya mu After Effects yomwe inabwera mu 2019 ndi ProPainter ya mu 2023, zimabwereka mapikiselo enieni ku zithunzi zoyandikana pomwe malowo sanaphimbike. Zimathandiza kwambiri kamera ikamasuntha. Pomwe malowo aphimbika m'chigawo chonse, nazonso zimangopeka, ndipo zimafuna kompyuta yamphamvu.

Zotsatira zimayesedwa kanema akuyenda, makamaka pomwe mawu akuyamba, pomwe akutha, ndi pomwe chithunzi chikusintha mwadzidzidzi. Kuchotsa mawu sikusintha umwini wa filimu, choncho chilolezo cha mwini wake chimafunikabe. Pomupempha chilolezocho, ndi bwino kumupemphanso kope lopanda mawu, chifukwa ndi lokhalo lomwe lili ndi chithunzi chonse.