Mawu a Pafilimu Akayamba Kuthamangira Wolankhula

Filimu ikuyamba bwinobwino, mawu olembedwa m'munsi akugwirizana ndi pakamwa pa wolankhula. Koma pofika pakati, mawuwo akutulukiratu munthu asanayasamule. Kawirikawiri vutoli limabadwa posintha fayilo ya mawu kuchoka ku MicroDVD kupita ku SRT.

Filimu ndi zithunzi zambirimbiri zotsatizana mofulumira. MicroDVD imawerenga zithunzizo, pomwe SRT imawerenga maola, mphindi ndi masekondi. Choncho pulogalamu yosinthira iyenera kuuzidwa kuti pa sekondi pakudutsa zithunzi zingati.

Titenge chiganizo choyenera kuoneka pa chithunzi cha 90,000. Filimu ikamayenda zithunzi 23.976 pa sekondi, chiganizocho chimagwera pa masekondi pafupifupi 3,754. Mukaiuza pulogalamu kuti ndi 25, ichiika pa 3,600. Mawu atsogola ndi mphindi ziwiri ndi theka, ndipo mpatawo umakulirakulira filimu ikamapita.

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: amangokankhira mawu onse kutsogolo. Mankhwala amenewo amachiza mpata wofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osati wokula.

Musanasinthe fayilo, onani liwiro lenileni la filimuyo mu VLC, mulilembe mu Subtitle Edit. Mukatero yesani chiganizo choyamba ndi chomaliza musanapatse anzanu.