Mtsikana Anamuyang'ana Bwanji?

Wolemba nkhani akati “Nabanda anayang'ana mlendo uja,” owerenga sadziwa zomwe zili mumtima mwa mtsikanayo. Mneni woyenera amaulula nthawi imene maso atenga komanso cholinga chake.

Tiyerekeze kuti Nabanda akusinja ndipo mlendo wafika pakhomo. Tikati “anamuponyera diso,” ndiye kuti wayang'ana kamphindi, mwadala, n'kubwerera kumtondo. Tikati “anamuyang'ana dwii,” maso akhazikika osaphethira, musi waima m'manja. Pali kudabwa, mantha kapena mwano.

“Anasuzumira” amafuna chotchinga. Munthu amasuzumira pazenera, pampata wa mpanda kapena m'chitsime, khosi atasolola. Kulemba kuti wasuzumira mlendo amene waima naye pabwalo poyera n'kulakwitsa.

Mtundu wachinayi ndi wosiyana, chifukwa zimangochitika mwangozi. “Anangoona malaya ofiira akuzimirira kuseri kwa nkhokwe.” Apa Nabanda sanasankhe kuyang'ana mwachidule, chinthucho ndicho chathawa maso ake.

Choncho musanalembe, dzifunseni kuti wafupikitsa kuonako ndani: woyang'ana kapena woyang'anidwa? Ndipo pamene kayang'anidwe kalibe nkhani, “anayang'ana” wamba ndi wokwanira.