Ketulo yasiya kutentha: tiyeze chiyani ndi malitimita?

Chipangizo chamagetsi chikasiya kugwira ntchito, ambirife timathamangira kunena kuti chapsa. Koma nthawi zambiri vuto limakhala pasoketi kapena pafyuzi ya m'pulagi. Malitimita, kamakina ka m'manja kokhala ndi mawaya awiri, wofiira ndi wakuda, kamatiuza pamene pali vuto tisanataye katundu. Tiyeni titenge ketulo yamagetsi imene yasiya kutentha, tiitsatire mpaka tipeze chavuta.

Tisanakhudze chilichonse, tione mabowo a pamalitimita. Waya wakuda umalowa pamene palembedwa COM, wofiira pamene pali V. Pali bowo linanso lolembedwa 10A, ndipo ngozi zambiri za ongoyamba kumene zimachokera pamenepa. Waya wofiira ukakhala m'bowo limeneli, m'kati mwa malitimita mumakhala njira yachidule, moti tikaugunditsa kusoketi pamaphulika moto. Pa ntchito zonse zimene tikufotokoza pano, bowo la 10A tiliiwale.

Funso loyamba ndi lakuti: kodi magetsi akufika pasoketi? Magetsi a ESCOM m'nyumba zathu amakhala pafupifupi mavoliti 230, ndipo ndi a mtundu wosinthasintha mbali, umene pamalitimita umalembedwa V~ kapena ACV. Tipotolozere chosankhira pamenepo, pa nambala yoposa 230, monga 600 kapena 750. Tigwire mawaya pa zigwiriro zapulasitiki, manja ali ouma, titavala nsapato, ndipo tilowetse nsonga m'mabowo awiri a m'munsi mwa soketi, swichi itayatsidwa. Tinene kuti yaonetsa 226. Ndiye kuti soketi ili bwino, pakuti nambalayi imakwera ndi kutsika pang'ono. Ikaonetsa 180, magetsi afooka, ndipo firiji ndi bwino kuizula.

Masoketi ambiri ali ndi titseko totchinga mabowowo. Tisatikankhe ndi msomali kapena kachitsulo. Pamenepo tiitane wamagetsi. Ndipo inu ophunzira, gawo la soketili si lanu muli nokha: mavoliti 230 amapha. Muonerere pamene wamkulu wodziwa akuyeza.

Poti magetsi alipo, tizule ketulo kusoketi. Kuyeza kotsatiraku kumachitika chipangizo chitazulidwa, chifukwa malitimita imatumiza mphamvu yakeyake yochepa kuti ione ngati njira ili yolumikizika. Chosankhira tichiike pa chizindikiro chooneka ngati mafunde a mawu. Poyamba tigunditse nsonga ziwirizo: malitimita ikalira, ili bwino. Anthu ambiri amadumpha zimenezi, nkumanamizira fyuzi pamene waya woduka ndi wa malitimita yomweyo.

Tsopano titsegule pulagi, tichotse fyuzi, tiike nsonga imodzi mbali iyi, ina mbali inayo. Fyuzi yamoyo imaliritsa malitimita. Yathuyi yangoti zii, ndipo pagalasi paoneka OL, kapena 1 kumanzere, kutanthauza kuti njira yaduka. Tigule ina yofanana nayo. Ya ketulo imakhala ya 13A. Kukulunga pepala lonyezimira kapena waya m'malo mwa fyuzi, monga ena amachitira, ndi kuitana moto m'nyumba.

Komabe fyuzi sipsa popanda chifukwa. Titaika yatsopano, ketulo isanalowe kusoketi, tiyatse swichi yake, tigunditse nsonga imodzi ku dzino lalitali la pulagi, ina ku dzino lililonse mwa awiri aafupi aja. Apa malitimita siyenera kulira. Ikalira, magetsi akudutsira ku chitsulo cha ketulo, ndipo isagwiritsidwenso ntchito mpaka ataikonza.

Mabatire ndiwo ophunzira angayambire mopanda mantha. Mphamvu yake imayenda mbali imodzi, choncho tisankhe DCV, kapena V yokhala ndi mzere wowongoka pamwamba, pa nambala 20. Wofiira upite ku +, wakuda ku −. Tikasemphanitsa, malitimita yamanambala imangoonetsa − patsogolo, palibe chimene chimaonongeka. Batire la tochi lolembedwa 1.5V likakhala latsopano limaonetsa pafupifupi 1.6, likatsika kufika 1.2, latsala pang'ono kutha.

Batire la sola lamtovu la 12V limapusitsa anthu ambiri. Likadzaza limaonetsa 12.6 kapena 12.7, ndipo likafika 12.0 ndiye kuti mphamvu yoposa theka yapita, ngakhale nambalayo ikufanana ndi yolembedwa pabatirepo. Tikaliyeza masana sola ikulitchaja tingaone 13.5 kapena kuposa, koma imeneyo ndi mphamvu ya sola. Tiliyeze dzuwa litalowa, litapuma maola angapo, kenako tiyatse mababu tiyezenso. Labwino limatsika pang'ono chabe, pamene lokalamba limagwa msanga mpaka 11 kapena kutsikirapo.