Telala amayamba waona ulusi

Kwa Kadewere, m'boma la Chiradzulu, ntchito imawachulukira matelala sukulu zikamatsekulidwa komanso m'nyengo ya maukwati. Nsalu zambiri amakapikula ku Limbe, zina amabwera nazo eni ake. Telala wodziwa ntchito asanagwire sizasi amayamba waitembenuza nsaluyo n'kuiyang'ana powala, chifukwa kulimba kwa chovala kumayambira pa mmene ulusi unawombedwera.

Nsalu ili ndi ulusi woimirira ndi ulusi wopingasa. Pa chitenje ndi nsalu ya malaya a yunifolomu, wopingasa umadutsa pamwamba pa umodzi, pansi pa wotsatira, mpaka kumapeto. Poti ulusi umakumana pafupipafupi, nsaluyo sitayirira, kutsogolo ndi kumbuyo n'kofanana kawombedwe, ndipo msoko umagwira bwino. Vuto lake n'lakuti imakwinyika msanga, ndipo ikangobooka pa msomali imang'ambika molunjika. N'chifukwa chake wogulitsa amangotema pang'ono m'mphepete n'kukoka.

Nsalu ya kaki ndi ya jinzi ili ndi timizere topendekeka. Pa jinzi zambiri ulusi woimirira umalumpha atatu n'kulowa pansi pa umodzi, ndipo mzere wotsatira umasuntha malo amodzi. Kawombedwe aka kamalola kupanikiza ulusi wochuluka, choncho nsaluyo ndi yokhuthala, yovuta kung'amba ndiponso yobisa litsiro. Ikatha imaonekera pa mawondo ndi pokhalira: jinzi imayera chifukwa utoto uli kunja kwa ulusi woimirira wokha, pomwe kaki imayamba kunyezimira simbi ikachuluka.

Satini ndiye wa madiresi a akwati ndi operekeza. Ulusi wake umalumpha anayi kapena kuposa usanalowe pansi, ndipo pomangirira pamamwazikana kuti pasaoneke mzere. Ulusi wogona pamwambawo ndi umene umawala, komanso ndi umene umakodwa ndi chikhadabo kapena mpando wokhakhala.

Tiyerekeze mayi wabwera ndi nsalu zitatu: ya malaya, ya kabudula wa mwana wa pulayimale, ndi satini wa diresi. Pa malaya telala aika singano ya nambala 14. Pa kabudula asankha nambala 16 n'kubwereza msoko wa pakati. Pa satini atenga singano yatsopano ya nambala 11, popeza yobuntha imakoka ulusi n'kusiya mzere wosachoka. Zidutswa zonse azidula zoloza mbali imodzi, apo ayi diresi lioneka la mitundu iwiri padzuwa. Asiyanso masentimita 2 m'mphepete mwa msoko n'kupinda, chifukwa satini amasosoka, ndipo asita chakumbuyo ndi simbi yosatentha kwambiri.

Mayiyo akafuna kuti satini wotsala asokere mwana malaya osewera nawo, telala amamuletsa. Telalayo akavomera, chovala chikadzatha msanga wonenedwa ndi iyeyo, osati nsalu.