Pasiwedi ili bwino, koma kampani yonse yatsekeredwa kunja

Lolemba m'mawa, aliyense muofesi akulephera kutsegula imelo. Wina wasintha pasiwedi kawiri, osaphula kanthu. Anthu onse akakanidwa nthawi imodzi chonchi, musavutike ndi mapasiwedi. Kawirikawiri chatha mphamvu ndi satifiketi.

Makampani ambiri ali ndi khomo limodzi lolowera: mukadzidziwitsa kamodzi, mapulogalamu onse amakutsegukirani. Titenge kampani yomwe khomo lake ndi seva ya AD FS ya Microsoft. Mukalemba pasiwedi, sevayo imakupatsani kachikalata kotsimikiza kuti ndinudi, n'kukasainira. Zili ngati kalata ya amfumu: kubanki sakudziwani, amakhulupirira chidindocho. Satifiketi ndiyo imatsimikiza siginechayo, ndipo imene AD FS imadzipangira yokha imakhala masiku 365. Ikatha, Microsoft 365 ndi mapulogalamu ena amayamba kukana zikalatazo.

Woyang'anira makompyuta amayamba wafunsa seva tsiku limene satifiketi ikutha:

```
Get-AdfsCertificate -CertificateType Token-Signing
```

Ngati tsiku la pa `NotAfter` ladutsa, gwero la vuto lapezeka. Mwa chikhalire, AD FS imapanga satifiketi yatsopano kutatsala masiku 20, koma ngati wina anazimitsa `AutoCertificateRollover`, palibe chimachitika. Choncho amayatsa kaye, kenako n'kulamula kuti yatsopano iyambe ntchito pompopompo:

```
Set-AdfsProperties -AutoCertificateRollover $true
Update-AdfsCertificate -CertificateType Token-Signing -Urgent
```

Apa mpamene ambiri amapumira msanga, chonsecho ntchito yangofika pakati. Mapulogalamu aja akadasungabe satifiketi yakale, ndiye siginecha yatsopanoyi sakuidziwa. Amene amadziwerengera okha fayilo ya `FederationMetadata.xml` amazindikira pakapita nthawi. Enawo, monga pulogalamu ya malipiro yomwe imasungidwa ndi kampani ina, mpofunika kuwapatsa satifiketiyo pamanja, imodzi ndi imodzi, mwinanso kuchita kuimbira foni eni ake. Ichi n'chimene chimadya tsiku lonse, makamaka ngati palibe analembapo mndandanda wa mapulogalamu odalira khomoli.

Pali msampha wina woipitsitsa. Kuti auze Microsoft 365 za satifiketi yatsopano, woyang'anirayo ayenera kulowamo, koma naye akaunti yake imadzera pakhomo lomwe latsekekalo. N'chifukwa chake pamafunika akaunti yapadera yangozi, ya `onmicrosoft.com`, yosadalira AD FS ngakhale pang'ono. Kampani yopanda akauntiyi, kunena zoona, ikuseweretsa ntchito za anthu.

Akamaliza, ayese kulowa pawindo lachinsinsi la bulawuza, chifukwa amene analowa kale amaoneka ngati zonse zili bwino mpaka nthawi yawo itatha.

Inu a muofesi, zikachitika musamangosintha pasiwedi. Jambulani uthenga wonse wokukananiwo, pamodzi ndi nambala yoyamba ndi `AADSTS` ngati ilipo, mutumize kwa woyang'anira makompyuta.